Malipiro a amene sali pantchito

M'chaka cha 1987, katswiri wa zachuma wa ku America, Thomas Mroz, adasindikiza kafukufuku wa amayi okwatiwa 753. Mbiri zawo, za chaka cha 1975, adazitenga m'kaundula wamkulu amene Yunivesite ya Michigan yakhala ikulemba kuyambira 1968, wotsata mabanja omwewo. Pa mayi aliyense padalembedwa msinkhu wake, zaka zimene adakhala pasukulu, zaka zimene adagwirapo ntchito, ana amene ali nawo ndi ndalama zina zolowa pakhomo. Zonsezi zinalipo kwa onse 753. Koma pofika pa danga la malipiro a pa ola, amayi 428 okha ndiwo anali ndi nambala. Otsala 325 chaka chimenecho sadagwire ntchito yolipidwa, ndiye panalibe choti n'kulembapo.

Munthu wofuna kudziwa phindu la sukulu pa malipiro a mayi achite nawo chiyani amayi 325 amenewa? Kuwalembera ziro n'kunama, chifukwa mayi amene adamaliza koleji n'kukhala pakhomo kulera mwana sikuti abwana akadamulemba ntchito kwaulere. Malipiro ake alipo, kungoti palibe adawaona. Njira yachidule ndi kuwasiya pambali n'kuwerengera 428 aja basi, ndipo kwa zaka zambiri ofufuza ankachita zomwezo osaona cholakwa.

Kawerengedwe kamene ankagwiritsa ntchito kamatchedwa rigireshoni. Mumaika dontho la munthu aliyense papepala, zaka za sukulu m'munsi, malipiro m'mbali, kenako mumadutsitsa mzere woongoka pakati pa madonthowo, kufupi ndi onse momwe kungathekere. Kupendekeka kwa mzerewo ndiko kumanena kuti chaka chimodzi choonjezera cha sukulu chimakweza malipiro ndi zingati. Jacob Mincer, m'buku lake la 1974, adakhazikitsa kalembedwe kamene ofufuza ambiri amatsatabe lero: zaka za sukulu ndi zaka za pantchito mbali imodzi, malipiro mbali inayo, atakonzedwa mwakuti yankho limatuluka m'maperesenti.

Mzerewo ulibe vuto ngati madontho amene akusowa adasowa mwangozi. Mvula itanyowetsa mapepala 325 mosasankha, otsala 428 akadaimirabe bwino gulu lonse, ndipo yankho likadangochepako mphamvu koma osakhota. Amayi awa sadasowe mwangozi. Aliyense adasankha, kapena moyo udamusankhira, ndipo pakusankhapo malipiro omwewo amene tikufuna kuyeza adalowererapo. Reuben Gronau adalemba za zimenezi mu 1974, ndipo James Heckman, amene kuyambira 1973 anali pa Yunivesite ya Chicago, adalemba chaka chomwecho. Ganizo lawo linali lakuti mayi aliyense ali ndi malire ake: ndalama yochepetsetsa imene angavomere kuti asiye zapakhomo. Msika ukamupatsa yoposa malirewo, amapita kuntchito ndipo malipiro ake timawaona. Ukamupatsa yochepera, amakhala, ndipo nambala ija imabisika.

Tiyeni tipeke amayi ochepa oti tiwerengere pamanja. Manambala awa si a m'kaundula wa Mroz, ndawaika dala kuti vutolo lioneke. Tili ndi amayi asanu amene adalekeza sukulu msanga. Ngakhale sukulu yawo ili yofanana, luso, khama ndi mwayi n'zosiyana, choncho msika ungawapatse madola 2, 3, 4, 5 ndi 6 pa ola. Avereji yawo ndi madola 4. Tilinso ndi asanu amene adapitiriza sukulu, ndipo iwo msika ungawapatse 4, 5, 6, 7 ndi 8. Avereji yawo ndi madola 6. Phindu lenileni la sukulu yoonjezerayo ndi madola 2 pa ola.

Tsopano tinene kuti onse khumi ali ndi ana aang'ono, ndipo palibe angachoke pakhomo chifukwa cha ndalama yosakwana madola 5. M'gulu loyamba apita kuntchito awiri okha, wa 5 ndi wa 6, ndipo avereji imene wofufuza aone ndi 5.5. M'gulu lachiwiri apita anayi, wa 5, 6, 7 ndi 8, avereji 6.5. Wofufuza alemba kuti sukulu imaonjezera dola imodzi. Wataya theka la yankho, chonsecho palibe amene wamunamiza, ndipo masamu ake sadaphonye paliponse.

Chachitika n'chakuti sefa yagwira magulu awiriwa mosafanana. Kwa ophunzira pang'ono yangodutsitsa akatakwe, n'kukweza avereji yawo ndi 1.5. Kwa ophunzira kwambiri yadutsitsa pafupifupi onse, n'kukweza avereji ndi 0.5 yokha. Mbali ya m'munsi ya mzere yanyamulidwa kuposa ya m'mwamba, mzere wagona. Ndipo chovutitsa kwambiri ndi ichi: kuonjezera anthu sikuchiza. Mutafunsa amayi miliyoni imodzi, sefa ikhala yomweyo, ndipo mudzangopeza yankho lolakwika lomwelo mwachidaliro chachikulu. Msodzi wa ukonde wa maso akuluakulu, ngakhale ataponya usiku ndi usana, sadzadziwa kukula kwa nsomba za m'nyanja poyeza zimene wakola.

Heckman adafotokoza mankhwala ake mu 1976, kenako m'pepala lalifupi la 1979 m'magazini ya akatswiri ya Econometrica, limene lidafala kwambiri. Nzeru yake inali kuona vutoli mwa mtundu wina. Anthu ankati kaundula ndi woperewera. Iye adati chimene chikuperewera ndi chinthu chimodzi m'rigireshoni, chimene chidaiwalika kulembedwa pambali pa sukulu ndi zaka za pantchito. Chinthucho ndi kulimba kwa sefa imene munthu aliyense adadutsamo. Tikachiyeza n'kuchiikamo, chidzanyamula katundu wake, ndipo sukulu idzatsala ndi wakewake.

Sitepe yoyamba imabweza amayi onse 753 patebulo. Funso pano si la malipiro, koma lakuti: ndani ali pantchito? Aliyense amapatsidwa 1 ngati akugwira, 0 ngati sakugwira, ndipo yankho limeneli lilipo kwa onse. Kawerengedwe kotchedwa purobiti kamatenga sukulu, msinkhu, ana, zaka za pantchito ndi ndalama zina za pakhomo n'kupereka mwayi wa mayi aliyense wopezeka pantchito. Pa amayi a Mroz, sukulu imakweza mwayiwo, ndalama za bambo zikachuluka umatsika pang'ono, koma chimene chimaugwetsa kwambiri ndi mwana wosakwana zaka 6. Mwana mmodzi wotere amachotsa pafupifupi kotala ya mwayi wonse, ngati kuchoka pa 75 kufika cha m'ma 50 pa 100.

Kuchokera pa mwayiwo amawerengera nambala imodzi ya mayi aliyense, imene akatswiri amaitcha lamuda. Imachokera ku masamu a John Mills a m'chaka cha 1926, ndipo imalembedwa motere:

```
λ(z) = φ(z) / Φ(z)
```

Owerenga asaope zilembozo. Pansi pali mwayi wa mayiyo wokhala pantchito, pamwamba pali kutalika kwa chithunzi chodziwika chooneka ngati belu pamalo amene iye wagwera. Chofunika ndi khalidwe la nambalayo. Mayi amene mwayi wake unali 90 pa 100, lamuda yake ndi 0.2, yaing'ono, pakuti kumupeza pantchito sikutiuza chachilendo chilichonse. Wa mwayi wa 50 pa 100 ali ndi 0.8. Wa mwayi wa 10 pa 100 ali ndi pafupifupi 1.75. Uyu ndiye wodabwitsa: ana aang'ono, sukulu yochepa, bambo wolandira bwino, koma m'mawa uliwonse ali pa basi. Payenera kuti pali chinachake chimene kaundula sadalembe, mwina luso lapadera limene abwana akulipira bwino. Lamuda ndi muyeso wa kukula kwa chobisikacho.

Sitepe yachiwiri imabwerera kwa 428 aja. Rigireshoni ya malipiro ndi yomwe ija, koma lamuda yaonjezedwamo. Kompyuta imapeza kuti malipiro amakwera bwanji lamuda ikakwera, n'kuchotsa gawo limenelo, ndipo chotsala pa sukulu ndilo phindu lake pa amayi onse, ogwira ndi osagwira omwe.

Tiyese pa amayi athu opeka. Ophunzira pang'ono, awiri mwa asanu ali pantchito, mwayi 40 pa 100, lamuda 0.97. Ophunzira kwambiri, anayi mwa asanu, mwayi 80 pa 100, lamuda 0.35. Apa tikugunda khoma. Tili ndi maavereji awiri, 5.5 ndi 6.5, ndipo magulu awiriwa asiyana pa zinthu ziwiri nthawi imodzi, sukulu ndi lamuda. Palibe masamu angatiuze kuti dola imodzi ija igawidwe bwanji. Tikufuna amayi ena a sukulu yofanana ndi gulu loyamba koma odutsa m'sefa yosiyana.

Tibweretse asanu ena ophunzira pang'ono, amene msika ungawapatse zomwe zija, 2, 3, 4, 5 ndi 6, koma ana awo adakula, choncho angavomere ngakhale madola 3. Apita anayi, avereji 4.5, lamuda 0.35. Tsopano khomo latseguka. Pakati pa magulu awiri a sukulu yofanana, lamuda yasiyana ndi 0.62 ndipo malipiro asiyana ndi dola imodzi, ndiye kuti lamuda yathunthu imodzi ikuimira pafupifupi madola 1.6. Tikachotsa 1.6 kuchulukitsa ndi 0.97 pa 5.5, titsala ndi 3.9. Tikachotsa 1.6 kuchulukitsa ndi 0.35 pa 6.5, titsala ndi 5.9. Kusiyana kwake ndi madola 2, amene tidabisa poyamba paja. Mukhozanso kuona popanda kuchulukitsa: gulu latsopanoli ndi gulu la ophunzira kwambiri, onse anayi mwa asanu ali pantchito, sefa yawo ndi yofanana, ndipo 6.5 kuchotsa 4.5 ndi 2.

Amene wagwira ntchito yaikulu pamenepa si lamuda ayi, ndi ana aja. Tidafuna chinthu chimene chimasintha chisankho chopita kuntchito koma osakhudza ndalama imene abwana angalipire. Chinthu chotere chimalowa m'sitepe yoyamba n'kusiyidwa dala m'yachiwiri. Njira yonse ya Heckman imaima kapena kugwa pa chimenechi, ndipo ndi chimene ogwiritsa ntchito ambiri amachithamangira.

Pa pulogalamu ya Stata, ndi mayina a madanga a kaundula wa Mroz, zonsezi ndi lamulo limodzi:

```
heckman lwage educ exper expersq, select(inlf = educ exper expersq nwifeinc age kidslt6 kidsge6) twostep
```

Madanga anayi omalizawo, ndalama zina za pakhomo, msinkhu, ana aang'ono ndi ana okulirapo, ndiwo osiyidwa m'rigireshoni ya malipiro. Jeffrey Wooldridge adaika chitsanzo chimenechi m'buku lake lophunzitsira, ndipo ophunzira zachuma ambiri padziko amakumana nacho. Zotsatira zake zimakhumudwitsa amene amayembekezera zodabwitsa. Popanda kukonza, chaka cha sukulu chimakweza malipiro ndi maperesenti 10.8. Atakonza, 10.9. Nambala ya lamuda imatuluka 0.032, pamene muyeso wa kusatsimikizika kwake ndi 0.134, kuposa kanayi nambalayo. Kunena kwina, pa amayi awa palibe umboni wakuti sefa idakhotetsa mzere. Ine ndimaona kuti chitsanzochi n'chabwino chifukwa cha chomwecho. Kusowa kwa anthu 43 pa 100 alionse sikutanthauza kuti yankho lalakwika basi. Limalakwika pokhapokha zobisika zimene zimakankhira munthu kuntchito zikugwirizana ndi zobisika zimene zimakweza malipiro ake. Nambala ya lamuda ndiyo imayeza mgwirizanowo, ndipo ikakhala pafupi ndi ziro, rigireshoni wamba ndi yokwanira.

Kwina sefa imaluma ndithu. Casey Mulligan ndi Yona Rubinstein adalemba mu 2008 kuti ku America, m'zaka za m'ma 1970, amayi amene ankagwira ntchito tsiku lonse chaka chonse ankakonda kukhala amene msika ukadawalipira mochepera kuyerekeza ndi anzawo a sukulu yofanana okhala pakhomo. Pofika m'ma 1990 zinthu zidatembenuka, ndipo ogwira anali oyenera malipiro apamwamba. Iwo adati gawo lalikulu la kuchepa kwa mpata wa malipiro pakati pa abambo ndi amayi m'zaka zimenezo lidachokera pa kusintha kwa amene ankawerengedwa. Si onse adavomereza kukula kwa gawolo, koma phunzirolo ndi lomveka: sefa ikhoza kukhotetsa mbali iliyonse, ndipo ikhoza kusintha mbali m'dziko lomwelo. Chaka chomwecho Claudia Olivetti ndi Barbara Petrongolo adayang'ana chodabwitsa china. Maiko a kummwera kwa Ulaya, monga Italy ndi Spain, ankaoneka kuti ali ndi mpata waung'ono wa malipiro kuposa Britain ndi America. Koma kumeneko amayi ogwira ntchito anali ochepa, ndipo ambiri mwa iwo anali ophunzira bwino. Atawerengerako okhala pakhomo, mpata wa kummwera udakula.

Heckman adalandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2000, pamodzi ndi Daniel McFadden, makamaka chifukwa cha ntchito imeneyi. Kutchuka kwa njirayi kudabweretsa ulesi wake. Popeza ndi lamulo limodzi pa kompyuta, ena amangoliponya n'kulemba kuti vuto lakonzedwa.

Cholakwa chofala kwambiri ndi kuika zinthu zofanana ndendende m'masitepe onse awiri, popanda chosiyidwa. Kompyuta siikana, chifukwa lamuda si mzere woongoka kwenikweni, imakhota pang'ono, ndipo kukhotako kumapatsa masamu pogwira. Koma kwa anthu ambiri, amene mwayi wawo uli pakatikati, lamuda imayenda pafupifupi moongoka. Ndiye kuti ikungobwereza zimene sukulu ndi zaka za pantchito zanena kale, ndipo tabwerera pa khoma lija la magulu awiri. Zizindikiro zake zimaoneka. Miyeso ya kusatsimikizika imatupa. Phindu la sukulu limalumpha mukangochotsa anthu ochepa kapena kusintha danga limodzi. Nthawi zina nambala ya mgwirizano wa zobisika, imene iyenera kukhala pakati pa -1 ndi 1, imatuluka kunja kwa malirewo. Woyesa mosamala amatenga lamuda n'kuona ngati madanga a m'sitepe yachiwiri angailosere okha. Akailosera pafupifupi yonse, kukonza kuja n'kwa dzina chabe.

Chachiwiri ndi chosiyidwa chabodza. M'chitsanzo chathu ndidalamula ndekha kuti ana sakhudza ndalama imene msika ungapereke. Pamoyo weniweni n'zokayikitsa. Mayi wa mwana wakhanda angasankhe ntchito ya pafupi ndi nyumba kapena ya maola ochepa, yolipira mocheperapo, ndipo abwana ena amamuderera. Ndalama za bambo nazonso si zoyera, pakuti anthu amakonda kukwatirana ndi ofanana nawo pa maphunziro ndi luso, choncho malipiro a bambo akhoza kunena kanthu za luso la mayi. Chosiyidwa chikakhala ndi njira yakeyake yofikira malipiro, lamuda imanyamula katundu wa eni, ndipo yankho lokonzedwa likhoza kuipa kuposa losakonzedwa. Palibe kuyesa kwa masamu kumene kungatsimikize kotheratu kuti chosiyidwa n'choyenera. Wofufuza ayenera kupereka chifukwa chake m'mawu, owerenga aweruze.

Palinso mfundo yakuti lamuda imadalira chithunzi cha belu chija, kuti zobisika zimamwazika mofanana mbali zonse ndipo zopyola muyeso n'zosowa. N'chifukwa chake amayi athu opeka adatipatsa 3.9 m'malo mwa 4 yeniyeni: manambala asanu otalikirana mofanana si belu. Apo kuphonya kunali kochepa, koma sikuti nthawi zonse kumatero. Komanso amene angachite masitepe awiriwa pamanja, purobiti payokha kenako rigireshoni wamba, adzalandira miyeso ya kusatsimikizika yolakwika, chifukwa kompyuta idzatenga lamuda ngati chinthu choyezedwa ndi sikelo pamene ndi choyerekeza. Lamulo la Stata lija limakonza zimenezi lokha.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera kuposa ku America kwa 1975. Ofesi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba imachita kafukufuku wa mabanja amene amafunsanso za malipiro, koma Amalawi ambiri ali kumunda, pa geni kapena pa ganyu, ndipo a malipiro a pamwezi ndi gulu lochepa. Sefa ikakhala yothina chotero, ambiri mwa odutsa ali ndi lamuda yaikulu, ndipo chiopsezo cha mzere wokhota chimakula. Chinanso, ganizo la Gronau ndi Heckman linali la munthu wosankha yekha pakati pa ntchito ndi pakhomo. Kuno zipata ndi ziwiri: munthu afune ntchito, kenako aipeze pakati pa ofunsira ambirimbiri. Ndipo amene sali pa malipiro sakhala gulu limodzi, pakuti mlimi wa fodya, wogulitsa kaunjika ndi mnyamata wa digiri wodikira kuitanidwa ali kunja pa zifukwa zosiyana. Pali njira zokulitsidwa zolola magulu angapo, koma gulu lililonse limafuna chosiyidwa chake, ndipo chimodzi chokha n'chovuta kale kupeza. Ofufuza ena amayesa kukula kwa munda wa banja, poganiza kuti wa munda waukulu safulumira kukafuna ntchito. Koma banja la munda waukulu likhozanso kukhala lodziwana ndi olemba ntchito.

Chosiyidwa chodalirika chikasowa, ena amasiya kufuna nambala imodzi. Charles Manski adalimbikitsa kupereka malire, kunena kuti yankho lili pakati pa apa ndi apo, popanda kuganizira zambiri za osowawo. David Lee, mu 2009, adachita zimenezi pa pulogalamu ya boma la America yophunzitsa achinyamata ntchito, ya Job Corps, imene olowamo pa kafukufukuyo adasankhidwa mwa maere. Maphunzirowo adachulukitsa opeza ntchito, ndiye gulu la ophunzitsidwa linali ndi anthu oonjezera amene m'gulu linalo akadakhala opanda malipiro. Lee adadula chiwerengero choonjezeracho, koyamba kuchotsa olandira kwambiri, kachiwiri olandira mochepa, kuti magulu awiriwa akhale ndi sefa yofanana. Maavereji awiri otulukawo, tikachotsako avereji ya gulu linalo, ndiwo malire a m'munsi ndi a m'mwamba a phindu la maphunzirowo pa malipiro. Njirayi siifuna belu, siifunanso chosiyidwa. Imafuna maere, ndi ganizo limodzi lakuti maphunzirowo sadalepheretse wina aliyense kupeza ntchito imene akadaipeza popanda iwo.